Britain ndi France: ndani akuteteza bwino mwana amene ali kumbuyo kwa galimoto?

Mayiko awiriwa amalekanitsidwa ndi kanyanja chabe, koma pa nkhani yobwerera chambuyo sakuyenda njira imodzi.

France ili mu European Union, ndipo kumeneko anaika chikhulupiriro pa zipangizo. Kuyambira mu Julayi 2024, galimoto iliyonse yatsopano iyenera kukhala ndi kamera yakumbuyo kapena masensa amene amalira ikayandikira chinthu. Britain inatuluka mu bungweli mu 2020, lamuloli lisanayambe kugwira ntchito, ngakhale kuti galimoto zambiri zatsopano zimafikabe kumeneko zili ndi zipangizozi. Chimene a ku Britain ali nacho kuyambira kale ndi ndime 201 ya Highway Code, buku lawo la malamulo ndi malangizo a pamsewu, imene imalangiza kuti pofika pakhomo muzilowa chambuyo ngati n'kotheka, kuti podzatuluka mudzatulukire kutsogolo. Ndi langizo chabe, si lamulo loti wina n'kulipitsidwa nalo chindapusa.

Ine ndili kumbali ya langizoli, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Tiyerekeze geti lili pakati pa mpanda wautali, ndipo kunja kwake kukudutsa njira ya oyenda pansi. Dalaivala amakhala pafupi ndi mphuno ya galimoto kusiyana ndi kumbuyo kwake. Akatuluka chambuyo, gawo lalikulu la galimoto limakhala litatseka kale njirayo maso ake asanadutse mpandawo, ndiye wodutsa pamenepo amamuona mochedwa. Akatulukira kutsogolo, amasuzumira kumanja ndi kumanzere galimoto itangotuluka pang'ono. Komanso amene akulowa chambuyo amayamba wadutsa pamalopo n'kuona ngati pali mwana kapena njinga. Pamalo oimika magalimoto ambiri ndi chimodzimodzi, makamaka pambali panu pakaima yaitali yokutchingani.

Sindikunyoza kamera. Mwana wa zaka ziwiri ataima kuseri kwa bampala ya galimoto yaitali saoneka pa galasi lililonse, koma kamera imamuonetsa. Apa France yatsogola. Vuto n'lakuti kamera ikapakika matope kapena madontho a mvula chithunzi chimasokonekera, ndipo masensa amamva bwino khoma losasuntha kusiyana ndi mwana wothamanga kuchokera m'mbali. Lamulolonso likukhudza zatsopano zokha. Zakale, zimene mabanja ambiri amayendera, zidakali momwe zinalili.

Chimene mabuku ndi zipangizo sizingathe ndi ichi: mwana wamng'ono amathamangira kholo lake likamachoka, ndipo amaganiza kuti popeza iye akuiona galimoto, woyendetsanso akumuona. Choncho musanalize injini zungulirani galimoto yonse, ndipo dziwani pamene mwana aliyense ali. Akhale m'manja mwa wamkulu kapena m'galimoto momwemo atamangidwa lamba. Tsitsani galasi, zimitsani wailesi, phazi likhale pa buleki, muziyenda mwa liwiro la munthu woyenda pansi. Mwana amene mumamuona akangosowa m'maso, imani, tsikani mukamuone.