Yesani pentiyo usiku musanagule

Nkhani ina yokhudza penti ikuti: "Mtundu wobiriwira wofatsa umakhazika mtima pansi m'chipinda cha mwana."

Ndikuvomereza ndithu, makamaka wobiriwira wotumbululuka wosakanizako mtundu wa phulusa pang'ono. Komabe musasankhe pongoona kapepala ka m'sitolo, chifukwa penti ikadzaza khoma imaoneka yolimba kuposa pakapepalapo. Pakani kawiri pachikatoni chachikulu, chiume, kenako muchiike pomwe padzakhale bedi la mwana. Muchione m'mawa, masana ndi usiku babu litayatsidwa. Usikuwo ndiye wofunika, poti mudzakhala mukudzuka kuyamwitsa. Babu lachikasu la 2700K limaupatsa mtunduwu kachikasu, mwina mpaka kuoneka wakuda. Loyera kwambiri limauziziritsa. Ukada, tengani wopepukirapo pamzere womwewo wa mitundu ya pakapepala kaja. Pewaninso penti yonyezimira, imabweza kuwala m'maso mwa khanda.