Maliro anali enieni, nambala yokha ndiyo inali ya wakuba

Abale anga, nkhani iyi yandikhala pamtima kwa masabata angapo ndipo lero ndaganiza zoilemba.

Mwezi wathawu, pa gulu lathu la WhatsApp la anthu ochokera kumudzi kwathu ku Ntcheu panagwa uthenga usiku. Mnyamata wina wa mudzi woyandikana ndi wathu watisiya ku Joni, wagundidwa ndi galimoto akuchokera kuntchito. Panali chithunzi chake, dzina lake lonse, dzina la mudzi ndi la mfumu yaikulu. Pansi pake analemba kuti pakufunika ndalama zonyamulira thupi kubwera nalo kuno, aliyense athandize ndi kangachepe komwe ali nako, ndipo panali nambala ya Airtel Money.

Mnyamatayu ndinkamudziwa. Mayi ake ndinapemphera nawo mpingo umodzi zaka zambiri. Ndinaimbira mlongo wanga kumudzi, iye n'kundiuza kuti zoona, anthu ayamba kale kusonkhana pasiwa, amayi akulira. Nditamva choncho sindinafunsenso china. Ndinaimba *211# n'kutumiza K15,000. Pa foni panatuluka dzina la mzimayi yemwe sindimamudziwa, koma ndinangoti mwina ndi mlamu wawo kapena msungichuma wa komiti ya maliro, n'kuika PIN.

Patatha masiku anayi ndinapita kukakhuza maliro. Nditakhala pansi ndi malume ake a malemuyo, amene ndi mwini mbumba, ndinatchula kuti kangachepe kanga ndinatumiza kale pa foni. Iwo anatulutsa kope limene ankalembamo chipepeso, n'kuyendetsa chala tsamba loyamba, lachiwiri, mpaka lachitatu. Dzina langa munalibe. Ndinawaonetsa nambala ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwanawe, nambala imeneyi si ya pakhomo pano. Ife tinapereka nambala yanga ndi ya m'bale wake amene ali ku Joniko, basi."

Chimene chinachitika n'chakuti munthu wina anatenga uthenga weniweni wa banjalo, osasintha chithunzi, osasintha mawu, n'kungofufuta nambala za banjalo n'kuikapo yake. Kenako anaumwaza m'magulu ena. Amene anauika pa gulu lathu ndi mayi wachilungamo, anangoulandira kwa mnzawo n'kuupititsa ndi mtima wofuna kuthandiza. Titawerengetsera pa gulupo, tinapeza kuti anthu 23 tinatumiza ku nambala yolakwikayo. Masiku onsewo thupi linali likadali ku mochale ku Joni, ndalama ya tsiku ndi tsiku ikukwera, banja likudabwa kuti anthu akwawo aumiranji mtima.

Ndikulemba izi chifukwa ambirife timaganiza kuti kufufuza ndi kufunsa kuti "kodi wamwaliradi?" Ineyo ndinafunsa funso limeneli ndipo yankho linali loona. Funso limene sindinafunse ndi lakuti, kodi nambala iyi ikukafika m'manja mwa ndani? Akuba ochenjera masiku ano sapeka maliro, chifukwa maliro opeka amaululika msanga. Amadikira tsoka lenileni n'kuima pakati pa ofedwa ndi opepesa.

Ndiye timatsimikiza bwanji? Chachikulu n'chakuti musatsimikize nkhani kudzera pa nambala imene ili mu uthengawo. Mukaimba pamenepo ayankha ndi mwini bodzalo, ndipo amadziwa kulira, amadziwa kutchula mudzi, nthawi zina amakhala atawerenga zonse pa Facebook ya malemuyo. Pezani njira yanuyanu. Kwathu kuno maliro sabisika. Amakhala ndi mwini mbumba, amakhala ndi amfumu amene auzidwa kuti alole adzukulu kukakumba manda, amakhala ndi abusa kapena akulu ampingo, amayi a Mvano, a mphakati kapena ashehe. Pa anthu onsewa simungalephere kupeza mmodzi kudzera kwa m'bale wanu. Mukamupeza, musamuwerengere nambala ija n'kufunsa ngati ili yoona, chifukwa munthu wotanganidwa pamaliro amangoti eya. M'malo mwake mufunseni kuti, "Chipepeso tikutumiza pa nambala iti, ndipo pakutuluka dzina lanji?" Iye atchule, inu muyerekeze ndi zimene zili pa foni yanu.

Dzina lija limene limatuluka musanaike PIN, kaya pa Airtel Money kaya pa Mpamba ya TNM mukaimba *444#, ndi mboni imene ine ndinainyoza. N'zoona kuti kumudzi ambiri amagwiritsa ntchito simu yolembetsedwa m'dzina la mwana wawo kapena mkazi wawo, ndiye dzina lachilendo palokha silitanthauza kuti ndi wakuba. Koma likutanthauza kuti muime kaye mufunse. Banja loona likuuzani mosavuta kuti ameneyo ndi mpongozi wawo. Komanso dzina likagwirizana musagone tulo, pakuti kuyambira pamene kulembetsa simu ndi chiphaso cha unzika kunakhazikitsidwa mu 2018, akuba anaphunzira kugwiritsa ntchito ziphaso za anthu ena, zotayika kapena zobedwa.

Pa maliro a ku Joni palinso zina zofunsa, chifukwa thupi silidutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza ngati katundu wamba. Pamakhala kampani yoona za maliro imene ikusunga thupilo ndi kulikonza, pamakhala chikalata cha imfa, chikalata chosonyeza kuti thupi labayidwa mankhwala, ndi makalata ochokera ku ofesi ya kazembe wa Malawi kumeneko. Banja limene likutoleradi ndalama limadziwa dzina la kampaniyo, tauni imene ili, ndi mtengo umene auzidwa. Ngati ndalama yanu ndi yochuluka, pemphani kuti mulipire mwachindunji ku akaunti ya kampaniyo, mutapeza nambala yake panokha kudzera kwa Amalawi anzathu okhala m'tauni imeneyo, amene ambiri ali ndi magulu awo othandizana pamaliro. Wopempha akakana njira imeneyi n'kumaumirira kuti ndalama idzere mwa iye basi, ine pamenepo ndimabweza dzanja.

Mfundo yomweyi imagwira ntchito pa mabilu a kuchipatala, ndipo apa mpamene mtima umapweteka kwambiri chifukwa zithunzi zake zimakhala za ana. Kumbukirani kuti mu wodi wamba ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba Central, Mzuzu Central ndi m'zipatala za boma za m'maboma, wodwala salipira bedi kapena opaleshoni. Izi sizikutanthauza kuti banja silingasowe ndalama. Amauzidwa kukagula mankhwala ku famase akasowa, amafuna thiransipoti, gadiyani amafuna chakudya, nthawi zina amatumizidwa kukajambulitsa kwina kolipira. Koma wina akalemba kuti mwana ali mu wodi wamba ya boma ndipo madokotala akukana kumuchita opaleshoni mpaka atalipira mamiliyoni, nkhaniyo yapotoka penapake. Ku zipatala za mishoni za CHAM ndi zipatala zolipira, bilu imakhalapodi, ndipo ili ndi dzina la wodwala, tsiku ndi chidindo. Kumeneko mungathe kulipira pa kauntala n'kulandira lisiti. Chipatala sichingakuuzeni matenda a munthu pafoni, ndipo n'koyenera kutero, koma mnzanu wokhala pafupi angathe kupita nthawi yoona odwala, n'kufunsa wodi, n'kumupeza gadiyani ali ndi buku la kuchipatala m'manja. Ulendo wa kabaza umodzi umathetsa nkhani yonse.

Chithunzicho nachonso chifufuzeni. Chisungeni pa foni, chitseguleni ndi Google Lens, muone ngati chinatulukapo kwina. Kangapo konse ndapeza kuti mwana amene akuti ali ku Lilongwe lero, chithunzi chake chinaikidwa zaka zitatu zapitazo ndi anthu a dziko lina. Koma musadalire kwambiri njira imeneyi. Pa nkhani yathu ija Google Lens sikanathandiza chilichonse, chifukwa chithunzi chinali chenicheni. Yang'ananinso pamwamba pa uthenga wa WhatsApp. Pakalembedwa kuti Forwarded many times, ndiye kuti wadutsa m'manja ambiri, ndipo simungadziwe amene anaulemba poyamba n'kuikapo nambalayo.

Za fizi sindichulutsa. Sukulu ili ndi dzina, ili ndi ahedi, ili ndi akaunti yakubanki. Funsani dzina la mwana, kalasi yake ndi ndalama imene yatsala, lipirani kusukuluko m'dzina la mwanayo, ndipo lisiti mumutumizire kholo.

Ndikudziwa chimene chimatimanga pakamwa. Kufunsa mafunso pamaliro kumaoneka ngati nkhanza, ndipo palibe amene amafuna kutchedwa wouma mtima pa gulu la kwawo. Akubawo amadziwa manyazi athuwa ndipo amawonjezera changu, amati thupi linyamuka mawa m'mamawa, amati dokotala wapereka maola awiri okha. Koma ndinaona ndi maso anga malume aja atagwira kope lawo, akuwerenga mayina ochepa, osadziwa kuti anthu 23 anawakumbukira. Mphindi khumi zoimba foni sizikanachedwetsa thupi lija. Kusafunsa kwathu ndiko kunalichedwetsa. Ndipo sindikunena kuti tisiye kuthandiza, ayi. Chimene chikundiopsa kwambiri n'chakuti pa gulu lathu ena ayamba kale kunena kuti sadzasonkhanso za pa foni, ndipo amene adzavutike ndi mayi wamasiye amene pempho lake lidzakhale loona.

Mukazindikira kuti mwaberedwa, musafufute uthenga wa SMS wotsimikiza kuti ndalama yapita, chifukwa muli nambala ya malondawo, nthawi ndi dzina la wolandira. Imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo kapena pitani ku ofesi yawo, kenako kapereke lipoti kupolisi mutatenga uthengawo ndi zithunzi za pempholo. Ndalama ikakhala isanatapidwe pamakhala mwayi woiimitsa. Ife tinachedwa ndi masiku anayi, wakubayo anali atatapa kale kwa ejenti ndipo nambala inali itazimitsidwa. Lembaninso msanga pa gulu lililonse limene munapititsako uthengawo kuti ena asatumize.

Pa gulu lathu tsopano tagwirizana kuti pempho lililonse lidzere kwa ma adimini awiri. Iwo amaimbira mwini mbumba kapena amfumu, n'kulemba pa gulu dzina la amene alankhula naye, nambala yolandirira ndi dzina limene lituluke pa foni. Wotolera ndalama amaika mndandanda wa osonkha madzulo alionse, kuti amene dzina lake palibe afunse tsiku lomwelo. Thupi la mnyamata uja linafika patatha masiku khumi ndi limodzi, titasonkhanso kachiwiri, ulendo uno pa nambala ya malume ake.