Nsalu yofiira pansi pa getsi lofiira

"Ngati ganizo lingathe kubwezedwa, ndiye kuti linali lolakwika kuyambira pachiyambi, si choncho?"

Ayi ndithu, akulu. Tinene kuti mwalowa m'chipinda, mwaona nsalu ikuoneka yofiira, ndiye mwati ndi yofiira. Simunalakwe, panthawiyo maso anu anali umboni wokwanira. Kenako wina akukuuzani kuti getsi la m'chipindamo ndi lofiira, moti ngakhale nsalu yoyera imaoneka yofiira pansi pake.

Apa mpamene ambiri amaphonya. Uthenga watsopanowu sunanene kuti nsaluyo ndi yoyera, wangodula chingwe pakati pa zimene mwaona ndi zimene munatsimikiza. Mwina ndi yofiiradi, koma inu mulibenso poimira, mungobweza mawu anu basi. Akanakhala mwini nsalu akukuuzani kuti anagula yoyera, pamenepo mukanakhala ndi chifukwa chokhulupirira zotsutsana ndi zoyamba zija. Katswiri wa filosofi John Pollock anasiyanitsa bwino njira ziwirizi zobwezera ganizo, ndipo kwa ine nkhani yonse yagona pamenepa.

Umboni wa masamu suyenda choncho. Nambala iliyonse yothera ndi 0 imagawika ndi 5, ndipo 70 ikuthera ndi 0, choncho 70 imagawika ndi 5. Onjezerani mfundo zina chikwi, yankho silisuntha, pokhapokha mutagwetsa imodzi mwa mfundo ziwiri zoyambazo.