Mtengo sindidula, ndidula ntchito

Anzanga amisiri a kuno ku Dedza, kasitomala akakulemberani imelo yoti mumuchotsere 40 peresenti, musavomere chifukwa choopa kuti ntchito ipita kwa wina. Komanso musangoti "ayi" basi. Mufunseni ndalama yomwe ali nayo, ndipo mumuonetse ntchito imene ndalamayo ingakwane.

Ine ndimapenta nyumba. Tiyerekeze loji ya zipinda 10 kufupi ndi msewu wa M1. Kotesheni ndi K3,000,000: kunja K700,000, polandirira alendo K300,000, chipinda chilichonse K200,000. Mwini wake akuti ali ndi K1,800,000. Komatu penti, andakoti ndi fila zokha zikudya pafupifupi ndalama yomweyo. Anyamata ndiwalipira chiyani? Nanga galimoto yotenga katundu ku Lilongwe?

Mmisiri akavomera mtengo wotere, chotsatira timachidziwa tonse. Penti amamuthira madzi ochuluka, andakoti amamulumpha, m'malo mopaka kawiri amapaka kamodzi. Ndi chinyontho cha kuno, mvula ikangodutsa khoma limayamba kusupuka m'munsi, ukapitsa dzanja likutuluka loyera ngati wagwira ufa. Pamenepo palibe amakumbukira kuti mtengo unadulidwa. Chomwe chimamveka pa boma ponse n'chakuti uje ntchito saitha.

Ine yankho ndimalemba chonchi:

"Bwana, zikomo pondiyankha. Ntchito yonse pa K1,800,000 sindingakwanitse, chifukwa ndalamayo ikuthera pa zipangizo. Koma pa ndalama yomweyo ndingapente kunja konse, polandirira alendo ndi zipinda 4 zomwe musankhe, ndi andakoti komanso kupaka kawiri monga tinalembera poyamba. Zipinda 6 zotsalazo sizili m'mtengowu. Tidzalemba kotesheni ina mukakonzeka. Mtengowu ukhala masiku 14. Mukagwirizana nazo, mungoyankha imelo ino."

Mawu oti "sizili m'mtengowu" musawasiye. Mukangolemba kuti muchepetsako ntchito osatchula chomwe chachoka, tsiku lomaliza mudzamva kuti "tangomalizaninso kolido ndi zitseko, penti watsalatu." Mudzakhala mwagwira ntchito yonse pa mtengo womwe munakana uja. N'chifukwa chake ndimakonda imelo kusiyana ndi foni: zolemba zimakhalapo. Masiku 14 nawo ali n'chifukwa. Amene tinali ndi makotesheni panja kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tikudziwa mmene mitengo ya m'hadiweya inasinthira.

Ena amati kulemba chonchi n'kudzimva. Ine ndikukana. Munthuyo mwina ndalama ilidi yochepa, ndipo ndamupatsa njira yoti loji yake ioneke bwino kwa odutsa pamsewu, zipinda 4 ziyambe kubweretsa ndalama yomalizira zinazo. Njirayi ili ndi malire ake: ntchito ngati kufolera denga siigawika pakati, ndiye pamenepo mukane mwaulemu. Koma kupenta, kuika matailosi kapena kukonza mipando kumagawika bwinobwino.