Musamuuze mlendo nambala ya pulatifomu, muphunzitseni bolodi

Abale amene tili kuno ku Mangalande, pali chizolowezi chimodzi chimene ndikufuna tisiye. M'bale akangofika kuchokera kumudzi n'kufuna kukwera sitima yekha, timamuuza pafoni kuti, "Mukafika pa siteshoni pitani pa pulatifomu yakuti, sitima yake imaima pamenepo." Timanena ndi mtima wabwino, koma mawu amenewa ndi amene amasocheretsa anthu. Ine ndinawanenapo kwa alamu anga atangobwera kumene, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Ndinawatchulira nambala imene ndinaizolowera, tsikulo pulatifomu inasinthidwa, iwo anakwera sitima imene anaipeza itaima pamalo ndinawauzawo. Anandiimbira patapita theka la ola mawu akunjenjemera: "Alamu, mayina a malo amene tikudutsawa si amene munandilembera aja." Wolakwa ndinali ine. Zonse zinali zitalembedwa pa bolodi, koma ine sindinawaphunzitse kuliwerenga.

Kwathu pa depoti sufunika kuwerenga chilichonse. Oitanira amakulandira usanafike n'komwe, ndipo ukakayika umafunsa kondakitala ngati minibasi idutse kwanuko. Kuno ntchito yonseyo imagwiridwa ndi bolodi lamagetsi la pa siteshoni, ndipo lili ndi kayankhulidwe kake.

Titenge munthu amene ali pa siteshoni ya Birmingham New Street ndipo akupita ku Leicester, ulendo wosakwana bwino ola limodzi. Mwachitsanzo, pa bolodi angaone mizere iwiri yotere:

```
14:22  Stansted Airport  Plat 10a  On time
14:52  Leicester         Plat 12a  Exp 15:04
```

Maso ake athamangira mzere wachiwiri chifukwa ndi pamene palembedwa Leicester. Adikira mphindi zoposa makumi anayi, chonsecho sitima ya pamzere woyamba imaimanso ku Leicester komweko. Dzina lalikulu limene lili pa bolodi ndi la kumene sitima ikathere ulendo wake basi. Malo amene iziima panjira ali pansi pake, pamene palembedwa `Calling at`. Sitima ya ku Stansted Airport imadzera ku Nuneaton, kenako Leicester, n'kupitirira cha ku Peterborough, Ely ndi Cambridge. Woyembekeza kuona dzina la kwawo m'zilembo zazikulu angaione ikunyamuka osadziwa kuti inali yake.

Koma apa ndi pamene pafunika kudekha, chifukwa nkhaniyi imatembenukanso. Tiyerekeze kuti munthuyo sakupita ku Leicester koma ku Hinckley, tawuni imene ili panjira yomweyo, pakati pa Nuneaton ndi Leicester. Njanji ndi imodzi, koma sitima zopita kutali zija nthawi zambiri zimangodutsa pa Hinckley osaima. Imene imaima pa masiteshoni ang'onoang'ono ngati Hinckley ndi Narborough ndi ija yothera ku Leicester. Ndiye kudutsa pamalo ndi kuima pamalo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chimene chimakuuza ndi mndandanda wa `Calling at` wokha. Mndandandawu ukatalika umabwera m'zigawo, pakona n'kulembedwa `Page 1 of 2`. Imani kaye muone tsamba lachiwiri. Ngati dzina la kumene mukupita simunalione ndi maso anu, musakwere, ngakhale anthu onse akuthamangira momwemo.

Chachiwiri chimene ndikadawauza alamu anga n'chakuti dzina lenileni la sitima ndi nthawi imene ili kumanzere. Sitima ya 14:52 imakhalabe ya 14:52 ngakhale itachedwa bwanji. Nthawi imeneyo sisintha pa bolodi, chimene chimasintha ndi cha kumanja. `On time` ndiye kuti ili m'nthawi yake. `Exp 15:04` ndiye kuti yachedwa koma akuyembekeza kuti inyamuka 15:04, ndipo nthawi imeneyi ikhoza kusunthabe. Izi zimavuta kwambiri kwa amene agula tikiti yotchipa ya `Advance`, imene imagwira ntchito pa sitima imodzi yokha yolembedwa pa tikitipo. Sitima ina yochedwa ikhoza kulowa pa pulatifomu panu mphindi zitatu yanu isanakwane, yopita mbali yomweyo, mtundu wake womwewo. Musanaponde chitseko, yang'anani kabolodi kakang'ono kolendewera pa pulatifomupo. Mzere wapamwamba ukutchula sitima imene ikubwera poyamba. Ngati nthawi yake si imene ili pa tikiti yanu, imeneyo si yanu.

Mawu akuti `Delayed` ambiri timawamva molakwika. Timaganiza kuti ndi kuchedwa pang'ono, kapena kuti pali mpata wokagula tiyi. Kwenikweni akutanthauza kuti sitima yachedwa ndipo pakadali pano palibe nthawi yodalirika imene angakuuzeni. Ikhoza kutenga ola, ikhozanso kutulukira pakatha mphindi zisanu. Pa maganizo anga, `Delayed` ndi mawu amene amafuna kuti munthu ukhale pafupi ndi bolodi kuposa ena onse. Ndi `Cancelled` nkhani ndi yomveka, sitimayo siyenda, pitani kwa wantchito wa pa siteshoni akuuzeni imene tikiti yanu ikuloledwa kukwera.

Tsono za pulatifomu zija. Nambala imeneyi ndi imene imasintha mosavuta kuposa zonse, makamaka sitima zikachedwa, chifukwa malo amene yanu imayenera kuima amakhala atatsekedwa ndi ina. Amalengeza pa zokuzira mawu, koma Chingerezi cha m'zokuzira mawuzo, pakati pa phokoso la injini, ngakhale amene takhalitsa kuno chimatidutsa. N'chifukwa chake bolodi limawerengedwa kawiri, koyamba m'holo yaikulu, kachiwiri mukatsikira pa pulatifomu. Mukaona anthu amene munaima nawo anyamula zikwama nthawi imodzi n'kulowera ku masitepe, musangowatsata ndiponso musangokhala. Kwezani maso muwerenge. Pa New Street palinso kena koti mudziwe: mapulatifomu ake anawagawa mbali ziwiri, a ndi b, ndipo sitima ziwiri zosiyana zikhoza kuima pamzere umodzi, ina kutsogolo ina kumbuyo. Kukhala pa 10 sikokwanira ngati yanu ili pa 10a inu mwaima pa 10b. Zitseko nazo zimatsekedwa nthawi yonyamuka isanakwane, masekondi 30 kapena kupitirira, ndiye wofika pa mphindi yeniyeniyo wachedwa kale.

Mukaona `Terminates here`, sitimayo yafika pamapeto a ulendo wake, onse atsike, ndipo inu musakwere pokhapokha bolodi litasintha n'kuonetsa ulendo watsopano. Mawu omwewa amabweranso zinthu zikasokonekera panjira: bolodi likanena kuti sitima ichita `terminate` pa Nuneaton, ndiye kuti lero ithera pamenepo, siifika ku Leicester, ndipo muyenera kufunsa za yolumikiza musanakwere.

Mlendo wotsatira amene anabwera kwathu, mwana wa achemwali anga, sindinamupatse nambala iliyonse. Ndinapita naye pa siteshoni Loweruka masana popanda ulendo, tinaima pansi pa bolodi, ine n'kumatchula tawuni, iye n'kumafufuza sitima imene ikuima kumeneko. Poyamba ankasakasaka dzinalo m'zilembo zazikulu. Pofika tawuni yachinayi anali akudikira yekha tsamba lachiwiri, chala chili m'mwamba, n'kunena kuti, "Dikirani kaye amalume, sinamalize kulemba."