“Ndi machaji” si yankho, werengerani nokha mzere ndi mzere

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Azakhali anga a ku Lifuwu anadzuka m'mamawa, kukwera njinga yamoto mpaka ku Senga Bay, kuchoka apo minibasi mpaka pa boma pa Salima, kuima pamzere ku banki mpaka dzuwa paliwombo, kuti akafunse funso limodzi lokha: K21,700 yanga yapita kuti? Yankho lake anangowaponyera mawu awiri, “Ndi machaji.” Basi. Anawasindikizira sitetimenti, iwo n'kuipinda kanayi, kuimanga pansonga ya chitenje, n'kubwerera kwawo ali chete. Munthu wamkulu, wolima mpunga ndi manja ake m'matope, kuyankhidwa ngati mwana wopempha switi!

Ine ndikuti “ndi machaji” si yankho. Kwacha iliyonse yotuluka mu akaunti ili ndi mzere wake, tsiku lake ndi dzina lake. Wokuuzani kuti ndi machaji akulozereni mzerewo ndi chala. Akapanda kutero, khalani pansi ndi pepala ndi cholembera muupeze nokha.

Madzulo ake mdzukulu wawo anajambula pepalalo ndi foni n'kunditumizira. Azakhali anaimba: “Mwanawe, iwe unapita kusukulu, taona ngati ndine ndasokoneza.” Sanasokoneze. Iwo amalemba zonse m'kakope kawo. Mwezi wa Juni unayamba ali ndi K186,400. Anaikamo K250,000 ya mpunga, kenako K35,000. Anatapa K80,000, anatumiza K45,000 pafoni, anatapanso K60,000. Mwa masamu awo kumayenera kutsala K286,400. Pansi pa pepala la banki panalembedwa K264,700.

Anthu ambiri akalandira sitetimenti maso amathamangira pansi penipenipo, pa nambala yomaliza, n'kuyamba kudandaula. Nambala yomaliza imangokuuzani kuti ndalama yachepa, sikuuzani pamene yathawira. Pamene yathawira mumapapeza m'danga lakumanja, lolembedwa `Balance` pamwamba pake. Dangali limasonyeza ndalama yotsala pambuyo pa mzere uliwonse. Pafupi nalo pali `Debit`, ndiye zotuluka, ndi `Credit`, ndiye zolowa. Ntchito yonse ndi iyi: tengani yotsala ya mzere wapamwamba, onjezerani cholowa kapena chotsani chotuluka cha mzere wotsatira, muone ngati yankho lanu likufanana ndi lomwe banki yalemba pamzere womwewo. Zikafanana chongani, pitani pamzere wina. Osalumpha, osaphatikiza mizere itatu nthawi imodzi chifukwa chofulumira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndinayamba ndi K186,400 yapamwamba. Pa 3 Juni panalowa K250,000, yankho langa K436,400, la banki K436,400, ndachonga. Pa 5 Juni anatapa K80,000 pamakina, kutsala K356,400, ndipo pansi pake pomwepo panali chaji ya K600, kutsala K355,800. Zonse zikugwirizana.

Pa 9 Juni ndinapeza K301,800 pomwe pepala likuti K310,800, kusiyana K9,000. Apa ndisanaloze munthu chala ndinayamba ndakayikira dzanja langa, ndipo inunso muzitero. Mukatembenuza manambala awiri oyandikana pokopera, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala nthawi zonse. Ndinakuza chithunzi, ndipo ndinapeza kuti ndinakopera 54,000 pomwe panali 45,000. Chizindikiro china ndi ichi: kusiyana kukakhala kawiri ndendende ndalama ya pamzerewo, ndiye kuti mwachotsa pofunika kuonjezera, kapena mwaonjezera pofunika kuchotsa. Pa chithunzi chojambulidwa chopendekeka madanga awiriwa amasendera, nambala ya zolowa n'kumaoneka ngati ili pansi pa zotuluka. Muzisamalanso ndi 3 ndi 8, kapena 1 ndi 7, pomwe inki yazilala. Izi ndikunena kuti mukapita kukadandaula musakagwidwe ndi cholakwa chanu chomwe, iwo n'kupezerapo mwayi wokubwezani.

Nditakonza, K355,800 kuchotsa K45,000 inapereka K310,800, ndachonga. Chaji yotumizira K500, kutsala K310,300. Pa 14 Juni K60,000 pamakina, kutsala K250,300, chaji ina ya K600, kutsala K249,700. Mpaka apa ine ndi banki tinali pamodzi.

Mzere wotsatira pachithunzipo unali wa pa 20 Juni, K35,000 yolowa. K249,700 kuonjezera K35,000 ndi K284,700. Pepala likuti K266,200. Ndinabwereza katatu, pamanja ndi pa foni. Kusiyana K18,500. Ndalamayi sigawika ndi 9. Si kawiri ka K35,000. Manambala onse awiri amaoneka bwinobwino. Ndiye kuti pakati pa 14 ndi 20 Juni panatuluka K18,500 yomwe ine sindikuiona. Ndinapitiriza kuchokera pa K266,200 yawoyo kuti ndione ngati pali bowo lina: chaji ya pamwezi K1,500, kutsala K264,700, ndendende nambala yomaliza ija. Bowo linali limodzi lokha.

Tsopano tiwerenge machaji amene ankanenedwa aja. K600, K500, K600 ndi K1,500, pamodzi K3,200. Machaji enieni ndi K3,200 basi. Nanga K18,500? Imeneyonso ndi machaji? Munthu wokhala kutsogolo kwa kompyuta, woona mizere yonse poyera, akanatha kuona izi pa mphindi ziwiri. Mwina mzere wa anthu unali wautali, mwina anali atatopa, izo si za azakhali anga. Anabwera ndi funso la K21,700, anapatsidwa yankho la K3,200, n'kuuzidwa kuti azipita.

Ndinayang'anitsitsanso chithunzi chija. Pakati pa mizere iwiriyo panali kamthunzi kopingasa, pomwe pepala linapindidwa. Kompyuta ya banki siphonya kuonjezera ndi kuchotsa, ndipo ine sindikunena kuti inaphonya. Yotsala ikalumpha chonchi pa chithunzi, kawirikawiri ndiye kuti pali mzere wobisika: wagwera pampindo, waphimbidwa ndi chala, wawalidwa ndi kuwala kwa foni, kapena wadulidwa pomwe tsamba loyamba lathera. Ngati masamba ali awiri, nambala yomaliza ya tsamba loyamba iyenera kukhala yoyambira tsamba lachiwiri.

M'mawa mwake ndinauza mdzukulu uja kuti ayale pepalalo patebulo panja, alitsindire ndi miyala iwiri m'mbali, ajambule ali chilili foni itayang'ana pansi. Mzere unatulukira pampindo penipeni: 17 Juni, `POS`, K18,500. Zilembo zitatuzo zimatanthauza kulipira ndi khadi pa kamakina ka m'sitolo.

Nditawawerengera, azakhali anayamba akana. “Ine pa 17 ndinali kumunda, khadi linali m'nyumba.” Ndinawauza kuti tsiku lolembedwa pa sitetimenti nthawi zina limakhala lomwe ndalama yadulidwa, osati lomwe munthu anagula, choncho aganize za masiku angapo m'mbuyo. Anakhala kaye chete, kenako anati, “Iii, mwanawe, mafuta ophikira aja!” Pa 14 Juni anali pa boma, anagula mafuta, shuga ndi sopo za K18,500 m'sitolo ina. Anapereka khadi, kamakina kanazungulirazungulira, wogulitsa n'kunena kuti netiweki yakana. N'chifukwa chake anapita kukatapa K60,000 ija, n'kubwera kudzalipira ndalama pamanja. Katundu mmodzi, kulipira kawiri. Ndalama yotere ikabwezedwa pamabwera mzere wina m'danga la zolowa wa ndalama yomweyo, kawirikawiri wolembedwa `Reversal`. Ndinaufufuza mpaka pansi, palibe.

Pano ndichenjezepo, chifukwa ena aganiza kuti masamu akagwirizana ndiye kuti zonse zili bwino. Ayi. Mzere uja ukanaoneka pa chithunzi choyamba, masamu anga akanayenda bwino kuyambira pamwamba mpaka pansi, koma K18,500 ikanakhala itapitabe. Kuwerengera yotsala kumakutsimikizirani kuti mizere yonse mwaiona ndipo mwaiwerenga molondola. Mukamaliza, bwererani pamwamba, mufunse mzere uliwonse wotuluka kuti, kodi ndinachitadi ine ichi? Apa m'pamene kakope ka azakhali ndi lisiti la m'sitolo lomwe analipana m'katimo zinagwira ntchito. Popanda zimenezo tikanangodziwa kuti ndalama inatuluka, osadziwa kuti inatuluka molakwika.

Lolemba ndikuwaperekeza. Sitikukanena kuti “ndalama zikusowa,” chifukwa mawu amenewo ndi amene amabala “ndi machaji.” Tikukanena kuti pa 17 Juni panadulidwa K18,500 ya khadi yomwe makina anakana, katundu analipiridwa pamanja, lisiti nali, ndalama sinabwezedwe. Tikalemba dandaulo papepala, atipatse nambala yake ndi tsiku loti tidzamve yankho. Zikakanika kumeneko, Reserve Bank of Malawi imalandira madandaulo a makasitomala amene banki yawo yalephera kuwathandiza, ndipo tikafikako.

Chikundiwawa kwambiri n'choti azakhali anali atavomera kale. Anati, “Mwina ndi mmene zimakhalira, tisavutitse anthu a muofesi.” Kuvutitsa? Ndalama ndi yanu! Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndi amayi angati a ku Lifuwu, ku Chipoka, ku Khombedza, ogulitsa mpunga, usipa ndi tomato, amene amabwerera ndi pepala pachitenje atauzidwa mawu awiri omwewa n'kukhulupirira? Sakudziwa kuti pepala lomwe lili pachitenjepo lili ndi yankho lonse. Inu ana awo, adzukulu awo, mafoni muli nawo, kuonjezera ndi kuchotsa munaphunzira ku pulayimale. Mizere khumi ndi iwiri sikutengerani ola. Funsani pepalalo, lijambuleni loyalidwa bwino, muwerengere mzere ndi mzere. Ndipo chithunzicho musachiponye m'gulu la mpingo kapena la mudzi kuti aliyense athandize, chifukwa pamwamba pake pali dzina ndi nambala ya akaunti, ndipo akuba a pafoni amadya pa zomwezo.

Ndipo tinene zoona, mapepala amenewa amalembera ndani? Tizilembo ting'onoting'ono ngati nyerere, inki yozilala, Chingerezi chokhachokha, nacho chodulidwadulidwa. Mayi woyankhula Chichewa kapena Chiyao, maso atayamba kuchita chidima, awerenga bwanji zilembo zitatu zopanda tanthauzo? Polandira ndalama ya mpunga amamulonjera m'Chichewa bwinobwino, “Takulandirani amayi, khalani apa.” Pofotokoza kumene yapita, Chichewa chatha.