Kwacha amaigwetsa asanatifunse, ngongole timalipira ndife

Abale anga a kumudzi, lekani kutiuza kuti ife a ku Joni timakondwa kwacha ikagwa. Mawu amenewa ndawamva mokwanira, pa foni ngakhalenso pa Park Station tikamatumiza katundu pa basi. Akuti randi yanu tsopano yalemera. Yalemera bwanji pamene ndalama imene inkagulira mayi anga feteleza ndi ufa lero ikuthera pa feteleza yekha?

Tiyeni tikumbutsane za Novembala 2023. Boma linkafuna ngongole yotchedwa ECF kuchokera ku IMF, bungwe lobwereketsa maiko ndalama, ya madola pafupifupi 175 miliyoni, yoperekedwa pang'onopang'ono kwa zaka zinayi. Ngongole yotere simangopita kukasaina. Pamakhala zinthu zimene amakuuzani kuti muchitiretu akuluakulu awo asanakhale pansi ku Washington, ndipo china mwa zikuluzikulu chinali mtengo wa kwacha. Reserve Bank inalengeza kuti dola, imene inali pafupifupi K1,180, tsopano ili pa K1,700. Ndiyo 44 peresenti ija. Patangopita masiku ochepa IMF inavomereza ngongoleyo. Ndani angandiuze kuti zinangochitika mwangozi?

Werengerani nokha. Katundu wa madola 100 amene wamalonda ankaitanitsa ndi K118,000 anayamba kufuna K170,000 usiku umodzi. Ife mafuta timagula kunja, feteleza kunja, mankhwala a m'chipatala kunja. Petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo mafuta akakwera minibasi imakwera, chigayo chimakwera, sopo ndi shuga zimatsatira. Malipiro a mphunzitsi ndi mlonda sanakwere usiku umenewo. Foni zathu kuno ndi zimene zinayamba kulira. Munthu ukugwira ganyu ya m'munda mwa bwana kapena kusoka ku Mayfair, lendi ikukudikira, koma kumudzi akuti onjezerako mwanawe.

Sindikunena kuti a IMF alibe mfundo. Amati boma likamagwira kwacha pa mtengo wabodza, madola amathawa m'mabanki n'kupita pabulaki, ndipo amene amapindula ndi okhawo odziwana ndi akuluakulu. Zimenezo n'zoona, tonse tinaona mizere ya mafuta. Koma kugwetsa ndalama kumathandiza dziko limene lili ndi katundu wambiri wogulitsa kunja. Ife tili ndi fodya, tiyi, shuga ndi nyemba pang'ono. Kwacha ikagwa, fodya sachuluka m'munda chifukwa cha zimenezo, makamaka pamene feteleza wa fodya yemweyo wakwera. N'chifukwa chake madola sanabwerere m'mabanki, ndipo mtengo wa pabulaki unathawanso kusiya wa boma kutali.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mmene boma limagwidwira pakhosi. Ndalama za IMF pazokha si zambiri. Mphamvu yake ili pakuti ena onse othandiza bajeti, monga Banki ya Dziko Lonse ndi maiko a ku Ulaya, amayang'ana kaye ngati IMF yagwedeza mutu. Ikakana, nawonso amapinda manja. Ndiye nduna ya zachuma imaopa kwambiri alendo obwera kudzaunika mabuku kuposa aphungu a ku Nyumba ya Malamulo. Kodi mfundo ya 44 peresenti ija inakambidwa m'boma liti, pa msonkhano uti wa mfumu? Tinangodzuka zitachitika, monga mmene zinalili mu Meyi 2012 pamene Mayi Joyce Banda anagwetsa kwacha kuchoka pa K168 kufika pa K250 kuti othandiza amene anakwiya nthawi ya Bingu abwerere.

Atsogoleri athu nawonso sindiwasiya. Walira mvula walira matope: ukamadya mopitirira zimene wasonkhanitsa, n'kumakongola chaka ndi chaka, wobwereketsa adzakulamula ndithu. Cashgate ya 2013 sanabe ndi azungu, anaba ndi anthu athu ku Capital Hill, ndipo thandizo la bajeti linaimitsidwa chifukwa cha iwo. Koma onani mmene zomangira za ngongole zimenezi zimagwirira ntchito. Mfundo yopweteka wosauka imachitika tsiku limodzi ndi chikalata chimodzi. Mfundo zopweteka akuluakulu, monga kuchepetsa kuwononga ndalama za boma ndi kuleka kukongola mosaganiza, zimachedwa mpaka kalekale, ndipo palibe amene amamangidwa chifukwa chozichedwetsa.

Mapeto ake mwawaona. Pa madola 175 miliyoni aja tinalandira gawo loyamba lokha, pafupifupi 35 miliyoni. Kuunika koyamba kwa IMF sikunamalizidwe, ndipo mu Meyi 2025 ngongoleyo inatha yokha patadutsa miyezi 18. Ndalama zotsalazo sizinabwere, koma kwacha sinabwerere pa K1,180, petulo sanatsike, ndipo 35 miliyoni ija tidzabweza ndithu. A boma akadzapitanso kukapempha ina, atiwerengere kaye zomangirazo m'Chichewa pa wailesi, aphungu azikambirane poyera asanasaine, chifukwa mwezi ukatha olipira ndife amene tikuima pa mzere wotumiza ndalama kuno ku Joni.